Cule wa m'madzi kapena wa pamtunda?

Onse timangoti ndi acule, koma pa cithunzi tingawasiyanitse. Cule wa m'madzi ali ndi khungu losalala, lonyezimira. Wa pamtunda, uja amabwera pakhomo usiku kudzadya inswa, khungu lake ndi louma, lokhala ngati la njerewere. Miyendo yakumbuyo ya wa m'madzi ndi yaitali, yolumphira patali, pamene ya mnzakeyo ndi yaifupi.

Koma tisafulumire. Mvula ikagwa onse amanyezimira, ndipo cule akakhala pansi amapinda miyendo. Conco tikulitse cithunzico pamutu. Wa m'madzi maso ake amatong'oka kwambiri. Wa pamtunda ali ndi zotupa ziwiri zazitali kumbuyo kwa maso, mocokera madzi oyera apoizoni. Cule wotere tisalole ana kapena galu kumseweretsa.