Msika wa mafoni: ndani amadya phindu?

Pa siteji ya minibasi iliyonse mupeza timatebulo ta mayunitsi, tina tofiira tina tobiriwira, ndipo anthu sakutha pamenepo. Munthu wa ndalama zake akaona zimenezi amameza malovu. Ngati aliyense akuimba foni, kutumiza ndalama ndi kugula mabandulo, nanga bwanji osatsegula kampani yachitatu ya netiweki? Alipo amene anaganizapo choncho. Kampani ya G-Mobile inalandira layisensi kuchokera ku MACRA koma sinafike poti anthu n'kuimbirana pa netiweki yake. Celcom inalandira yake mu 2011, nayonso inathera m'mapepala. Ku Zambia, Uzi inapatsidwa layisensi yachinayi mu 2018 ndipo nthawi inaithera isanayambe ntchito. Makasitomala analipo, ochuluka ndithu. Chimene chinasowa ndi njira yoti ndalama zawo zitsalire m'thumba la wobwera kumeneyo.

Funso limeneli ndi limene Michael Porter, mphunzitsi wa ku Harvard Business School, analiyankha mu 1979 m'nkhani imene analemba m'magazini ya Harvard Business Review. Iye anati phindu la bizinesi siliyezedwa ndi kukula kwa msika ayi, koma ndi mphamvu zisanu zimene zimalimbirana ndalama imene kasitomala walipira. Pali opikisana nawo amene ali kale mumsika, pali ena amene angalowe mawa, pali okugulitsani zipangizo, pali ogula eniakewo, ndiye pali zinthu zina zimene zingagwire ntchito yomweyo m'malo mwa malonda anu. Mphamvu zimenezi zikakhala zofooka, phindu limatsala kwa eni bizinesi. Zikakhala zaukali, mumagwira ntchito usana ndi usiku koma ndalama n'kumangodutsa m'manja mwanu.

Musanayambe kuyeza muyenera kulemba malire a msika, ndipo ambiri amaphonya pomwepa. "Msika wa mafoni" ndi misika iwiri yosiyana kutalitali. Wogulitsa mafoni a Itel ndi Tecno ku Limbe ali pa msika umene aliyense wa mpamba wochepa angalowe sabata yamawa, ndipo phindu lake pa foni imodzi ndi lochepa chifukwa sitolo yoyandikana nayo ili ndi foni yomweyo. Kampani ya netiweki ili pa msika wina. Pano tikunena za netiweki. Komanso ngakhale Airtel ili ku Malawi ndi ku Zambia komwe, layisensi imaperekedwa ndi dziko lililonse palokha, MACRA kuno, ZICTA ku Zambia, INCM ku Mozambique. Choncho mayiko atatuwa ndi misika itatu yofanana maonekedwe, ndipo ubwino wake ndi wakuti tingaiyerekeze.

Tiyambe ndi khomo lolowera, chifukwa ndi limene likufotokoza za G-Mobile ndi anzake. Layisensi ndi mbali yaing'ono chabe ya mtengo wolowera. Kasitomala woyamba asanagule simu khadi, kampani iyenera kukhala itaimika nsanja mazanamazana, itazilumikiza ndi mawaya a faiba, itaika majenereta ndi mabatire, itapezanso maejenti m'misika. Netiweki yogwira mu Lilongwe mokha palibe angaifune, poti munthu amagula simu kuti aziyankhula ndi amayi ake kumudzi. Ndiye ndalama zambiri zimatuluka poyamba, zolowa n'kubwera mochedwa. TNM inayamba mu 1995, ndipo Celtel, imene inasanduka Zain kenako Airtel mu 2010, inabwera mu 1999. Awiriwa anamanga pang'onopang'ono, pa ndalama zimene makasitomala awo ankalipira, pamene wachitatu ayenera kumanga zonse nthawi imodzi pa ngongole.

Koma khomolo silotsekeratu, ndipo umboni uli tsidya lino la malire. Movitel inayamba ntchito ku Mozambique mu 2012, itapeza mcel ndi Vodacom zitakhazikika kale. Kumbuyo kwake kunali Viettel ya ku Vietnam, kampani yaikulu yokhala ndi ndalama ndi amisiri akeake. Sinayambe ndi kulimbirana anthu a ku Maputo. Inayala faiba yakeyake mitunda italiitali n'kuimika nsanja kumidzi kumene anzake anali asanafike, ogulitsa ake n'kumayenda khomo ndi khomo. Patapita zaka zochepa mcel inali itafooka kwambiri, ndipo boma linaiphatikiza ndi TDM kupanga Tmcel. Ndiye poyeza mphamvu iyi musamangofunsa kuti layisensi yatsopano yaperekedwa kapena ayi. Funsani kuti amene wailandirayo ali ndi ndani kumbuyo, ndipo angathe kupirira zaka zingati asanaone phindu.

Opikisana akakhala awiri okha, monga zakhalira kuno kwa zaka zambiri, nkhondo ya mitengo siichedwa kuzizira, chifukwa aliyense amadziwa kuti akatsitsa lero mnzake atsitsa mawa, onse n'kuluza. Amalimbirana m'malo ena: mabonasi, mabandulo a usiku, kuthandiza mpira. Komabe bizinesi iyi ili ndi msampha. Nsanja ikaima, kudutsitsa foni imodzi yoonjezera sikudya ndalama kwenikweni, choncho kampani yaing'ono imayesedwa kugwetsa mtengo kuti idzaze netiweki yake. Zinachitika ku Kenya mu 2010, pamene Zain, itangogulidwa ndi Bharti Airtel, inatsitsa mtengo kufika pa mashilingi 3 pa mphindi. Ogula anasangalala, koma makampani ang'onoang'ono anawauka, ndipo mu 2014 yuMobile inatuluka mumsikawo. Safaricom inagwedezeka koma inaima, makamaka chifukwa anthu sakanatha kusiya M-Pesa.

Nkhani ya M-Pesa ikutifikitsa kwa ogula. Munthu mmodzi wogula mayunitsi a K500 sangakambirane mtengo ndi kampani. Mphamvu yake ili pa kuchoka, ndipo kuno kuchokako n'kosavuta modabwitsa. Alibe mgwirizano uliwonse womumanga, amalipiriratu, ndipo foni yake ili ndi malo a simu ziwiri. Sataya nambala ya 088 kapena ya 099, amangosintha kumene akuthira mayunitsi sabata imeneyo. Ichi n'chifukwa chake chiwerengero cha simu zolembetsedwa chimanyenga. Simu ikhoza kukhala yamoyo koma ikungolandira mafoni. Wodziwa kuyeza amayang'ana ndalama imene kasitomala mmodzi amabweretsa pa mwezi, n'kuona ngati ikukwera mofulumira kuposa mitengo ya zinthu. Airtel Money ndi Mpamba zimabweretsa ndalama pazokha, inde, koma ntchito yake ina ndi kumanga kasitomala. Simu imene mumalandirirapo ndalama ndi kugulirapo magetsi simuisiya m'kabati.

Za zinthu zolowa m'malo tingadutse msanga. WhatsApp inadya malonda a mauthenga ndi mbali ya mafoni oimba, makamaka a kunja, koma siyenda popanda bandulo, ndipo bandulo mumagula kwa kampani yomweyo. Ndalama inangosamuka thumba. Starlink, imene inayamba kupezeka kuno mu 2023, ndi ina, poti sidutsa pa nsanja za munthu aliyense. Mtengo wake sungafikiridwe ndi wogula wamba, koma amene angaufikire, monga maofesi, mabungwe ndi malo ogona alendo, ndi makasitomala onona amene makampani safuna kutaya.

Mphamvu imene ine ndimaiona yaukali kuposa zonse m'chigawo chino ndi imene wogula saiona, ya ogulitsa zipangizo. Makina a pa nsanja amapangidwa ndi makampani ochepa kwambiri pa dziko lonse, monga Huawei, Ericsson, Nokia ndi ZTE, ndipo ukamanga netiweki ndi makina a mmodzi, kusinthira kwa wina ndi ntchito yodula. Malawi ndi Zambia alibe nyanja yamchere, choncho intaneti imabwera pa mawaya odutsa m'mayiko a eni kuchokera kugombe, ndipo eni njirawo amalipiritsa. Magetsi akazima nsanja imayendera dizilo. Nsanjazo nazonso si zonse zili za kampani ya netiweki: mu 2022 Helios Towers inagula nsanja za Airtel zoposa 700 kuno ku Malawi, ndipo tsopano Airtel imalipira lendi. Zambiri mwa zimenezi mtengo wake umatsata dola, pamene kasitomala amalipira makwacha.

Tiyeni tiwerenge. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kampani imene ili ndi ngongole ya zipangizo ya madola 10 miliyoni. Dzulo lake ngongoleyo inali K11.8 biliyoni, m'mawa mwake yafika K17 biliyoni. Ndiye kuti K5.2 biliyoni yaonjezereka kampani isanagule ngakhale waya mmodzi. Tinene kuti kasitomala aliyense amasiya phindu la K500 pa mwezi, kapena kuti K6,000 pa chaka. Kuti dzenje limeneli likwiririke pafunika phindu la chaka chathunthu la makasitomala oposa 860,000. Kukweza mitengo tsiku lomwelo sikutheka, chifukwa mitengo imadutsa kaye ku MACRA, ndipo ogula nawonso kwacha yawapweteka. Izi si nthano ayi. Airtel Malawi, imene inapanga phindu mu 2022, inalengeza kuti yaluza mu 2023 chifukwa cha kugwa kwa kwacha, ngakhale kuti malonda ake anali atakwera.

Mwina mwaona kuti boma likutulukira paliponse m'nkhaniyi. Ena amalitcha mphamvu yachisanu ndi chimodzi, koma Porter anakana zimenezo, nati boma limagwira ntchito kudzera mu zisanu zija. Pa netiweki zimaoneka bwino. Boma likapereka layisensi lasuntha khomo lolowera. Likatsitsa ndalama imene kampani imalipira inzake foni ikadutsa kuchoka pa netiweki ina kupita ina, lapatsa wamng'ono mpata wogwetsa mitengo, monga zinakhalira ku Kenya kuja. Likalamula kuti makampani azibwerekana nsanja, wobwera kumene safunikanso kumanga zonse yekha.

Pomaliza pa kuyezaku pali cholakwa china chofala, chopatsa mphamvu iliyonse malikisi n'kuphatikiza ngati mayeso a kusukulu. Mphamvu imodzi yokha ikhoza kudya phindu lonse zinayi zinazo zili phee. Ndipo yankho limasiyana malinga ndi amene akufunsa. Kwa munthu wofuna kugula masheya a TNM kapena Airtel pa Malawi Stock Exchange, msikawu ndi wokoma ndithu: opikisana ndi ochepa, khomo ndi lolemera, ndipo chimene ayenera kuwerenga mosamala m'lipoti la pachaka ndi kuchuluka kwa ngongole ndi lendi za m'madola. Kwa wofuna kutsegula netiweki yatsopano, zomwezo zimene zikukometsa msikawu ndi zimene zikumutsekera kunja, ndipo ngongole zake za madola zidzayamba kuwerengedwa asanagulitse bandulo ngakhale imodzi.