Ngongole ya R1,000 yomwe siitha ku Hatfield

Tiyerekeze mnyamata wa ku Malawi yemwe amaperekera zakudya mu lesitilanti ina mumsewu wa Burnett ku Hatfield, mumzinda wa Pretoria. Mwezi uli pakati, kwawo kwagwa maliro, ndipo akufuna R1,000 yotumiza. Wapita kwa obwereketsa ndalama ovomerezeka, wasayina kuti adzabweza pa malipiro.

Lamulo la ngongole la ku South Africa la 2005 lidaika malire pa ngongole zotere, zosaposa R8,000 komanso zobweza pasanathe miyezi 6. Kuyambira mu 2016, chiwongoladzanja sichiyenera kupitirira R5 pa R100 iliyonse pamwezi pa ngongole yoyamba, ndipo zotsatira m'chaka chomwecho ndi R3. Kungomva choncho munthu nkuti palibe vuto.

Koma chiwongoladzanja si chimene chimapha. Pa R1,000 ija, chiwongoladzanja ndi R50 chabe. Wobwereketsa amaloledwa kuwonjezera R150 yotsegulira ngongole, R60 yoyendetsera ngongoleyo pamwezi, kenako msonkho wa boma pa ziwirizi. Zonse pamodzi, ngongoleyo ikatha mwezi wathunthu, mnyamatayo abweza pafupifupi R1,290.

Tsiku la malipiro ndalamayo imadulidwa kubanki mwini wake asanaione nkomwe. Lendi ikudikira, ya thiransipoti palibe, ufa watha. Pofika madzulo wabwerera komwe kuja kukatenganso R1,000.

Msampha uli pamenepa. Lamulo limaletsa kulipiritsanso ndalama yotsegulira ngati ngongole yatsopano ikungolowa m'malo mwa yakale. Koma poti yakaleyo yabwezedwa yonse m'mawa, ya madzuloyi imawerengedwa kuti ndi yatsopano, ndipo R150 ija ibwereranso. Chiwongoladzanja chatsikadi kufika pa R30, koma mwezi uliwonse akutayabe pafupifupi R270. Ikamatha miyezi 6 wapereka ndalama zoposa R1,600 zapamwamba, pomwe ku maliro kuja adangotumizako R1,000.

Mwezi wina matipi akachepa kuntchito, amakatenga kwina kuti atseke uku. Ngongole zakhala ziwiri. Yachitatu kawirikawiri imachokera kwa mashonisa, akatapila a kuno, omwe safunsa pepala la malipiro kapena chilolezo chogwirira ntchito. Nchifukwa chake Amalawi ambiri amathera kumeneko. Ena mwa mashonisawa amalanda khadi la kubanki kapena chiphaso ngati chikole, zomwe ndi mlandu ndithu pa malamulo a dzikoli.

Chizindikiro sichivuta kuona: ngati mukubwereka pa tsiku lomwe mwalandira malipiro, mwakodwa kale. Musasayinenso musanaone ndalama yonse yomwe mudzabweze, osati chiwongoladzanja chokha, ndipo funsani nambala yomwe wobwereketsayo adalembetsera ku bungwe la National Credit Regulator. Bungwe lomweli ndilo limalembetsa alangizi a ngongole, omwe ali ndi mphamvu yokambirana ndi okukongozani kuti muzibweza pang'onopang'ono. Pitani kwa mlangizi ngongole yachitatu isanabadwe.