Musathamangire "limitedi" musanawerengere msonkho

MASIKU ano aliyense amene wapeza oda ku esiteti ya tiyi ku Thyolo akufuna dzina la bizinesi yake lidzithera ndi mawu oti limitedi. Ati zimapatsa ulemu pa geti. Ine ndimathandiza ageni kulemba mabuku a ndalama, ndipo ndikuti ulemu umenewu uli ndi mtengo wake, mtengowo ndi msonkho.

Amene mumagula tiyi wa m'mapaketi pa Limbe mwina simudziwa kuti maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba ndi misika payokha. Mvula ikagwa mu Disembala tiyi amaphukira mwamphamvu, othyola amachuluka, ndipo anthu onsewo ayenera kudya. Apa ndi pamene ageni a pa Bvumbwe, pa Luchenza ndi pa Thyolo boma amaonera mwayi wa oda ya chimanga ndi nyemba. Koma ofesi ya esiteti si benchi la mumsika. Kumeneko kumafunika invoisi, akaunti ya ku banki ndi nambala ya msonkho ija amati TPIN, yochokera ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Ndiye wageni amayenera kusankha: alembetse bizinesi ngati yake yekha, alowe patinashipu ndi mnzake, kapena atsegule kampani ya limitedi.

Tiyerekeze mayi wa pa Bvumbwe amene pachaka waperekera esiteti ina nyemba ndi chimanga za K40 miliyoni. Atachotsa mpamba, thiransipoti, matumba ndi aganyu, phindu latsala K6 miliyoni. Ndiwerengera ndi mitengo ya msonkho ya mchaka cha 2024. Chakumapeto kwa 2025 boma lidasinthanso magawo a msonkho wa munthu, choncho manambala a chaka chino mukafunse ku MRA, koma kawerengedwe kake ndi komweka.

Mayiyu akakhala yekha, lamulo silisiyanitsa iye ndi bizinesi yake. Phindu ndi lake, ndipo amakhoma ngati munthu. Mu 2024 ndalama zoyambirira zokwana K150,000 pamwezi, kapena kuti K1.8 miliyoni pachaka, sizinkadulidwa kanthu. Zotsatira zokwana K4.2 miliyoni zinkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Ndiye msonkho wa mayi wathu ndi K1,050,000, ndipo m'thumba mwatsala K4,950,000.

Tsopano tinene kuti geniyo akuchita ndi mng'ono wake, theka ndi theka. Patinashipu payokha sikhoma msonkho. Amapereka lipoti limodzi la momwe bizinesi yayendera, kenaka aliyense amakhomera gawo lake. Aliyense watenga K3 miliyoni, ndipo aliyense ali ndi gawo lake losadulidwa lija. Chodulidwa ndi K1.2 miliyoni basi, msonkho wake K300,000. Awiriwo pamodzi akhoma K600,000. Banja lapulumutsa K450,000 pa phindu lomwe lija.

Komatu apa pali msampha umene ku Thyolo umakola ambiri. Nthawi zambiri mnzako wa patinashipu amakhala munthu wa pantchito, kaya kalaliki kaya dalaivala, chifukwa ndi iye ali ndi kandalama ka pamwezi kothandizira mpamba. Munthu wotere gawo lake losadulidwa limathera pa malipiro. Phindu la bizinesi limakwera pamwamba pa malipirowo, ndipo limadulidwa kuyambira kwacha yoyamba. Kupulumutsa kuja kwathera pomwepo. Ndiponso kumbukirani kuti pa patinashipu ngongole ya bizinesi imene watenga mnzako ndi yakonso. Akatenga nyemba pa ngongole n'kuzimiririka, eni nyemba akhoza kudzagogoda pakhomo pako. Mulembe pepala la mgwirizano loonetsa gawo la aliyense, ngakhale muli a bere limodzi.

Nanga limitedi? Kampani ndi munthu payekha pamaso pa lamulo, ndipo munthu ameneyu alibe gawo losadulidwa. Kampani yolembetsedwa m'Malawi muno imakhoma K30 pa K100 iliyonse ya phindu, kuyambira tambala woyamba. Pa K6 miliyoni ndi K1.8 miliyoni. Zotsala K4.2 miliyoni si za mayi uja ayi, ndi za kampani. Akafuna kuzitenga ngati phindu la mwini masheya, pamadulidwanso K10 pa K100, yomwe ndi K420,000. Msonkho wonse wafika K2,220,000, kuposa kuwirikiza kawiri uja akadakhoma ali yekha. Anthu ambiri akamva zimenezi amagwira pakamwa. "Ndalama yangayanga ndikhomere kawiri?" Eee, chifukwa mudaipatsa mwini wina.

Akauntanti wochenjera adzakuuzani kuti njira ilipo: mayiyo adzilembe ntchito ngati dairekitala, adzilandira K500,000 pamwezi. Malipiro amachotsedwa pa phindu la kampani, choncho kampani yatsala yopanda chokhomera. N'zoona. Koma malipirowo amadulidwa PAYE, yomwe mu 2024 ikadakhala K87,500 pamwezi, pachaka K1,050,000. Mwaona? Tazungulira phiri lonse la Thyolo n'kubwerera pa nambala yomwe ija ya munthu wayekha. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano pali chintchito chotumiza PAYE mwezi ndi mwezi, malipoti a chaka ndi chaka kwa kalembera wa makampani, ndi akauntanti woti alipidwe, ngakhale miyezi ya chilimwe pamene tiyi wachepa ndipo maoda azilala.

Sindikunyoza limitedi. Pa nkhani ya msonkho imayamba kukoma phindu likakula zedi ndipo mwini sakulidya lonse. Mu 2024 munthu wopeza zoposa K2,550,000 pamwezi ankadulidwa K35 pa K100 pa ndalama zapamwambazo, pamene kampani imaima pa K30. Amene akusiya phindu m'kampani kuti agule lole, ameneyo ali ndi chifukwa. Ubwino wina si wa msonkho: bizinesi ikagwa, angongole amalondola katundu wa kampani osati nyumba yanu, pokhapokha ngati mudasainira ku banki kuti mudzabweza nokha, zomwe mabanki amakonda kufunsa makampani ang'onoang'ono.

Pali chinthu china chimene chimakupezani m'njira zonse zitatu. Esiteti polipira imayenera kudula msonkho wogwiriratu n'kutumiza ku MRA, kupatula ngati muli ndi satifiketi yokukhululukirani. Mu 2024 pa katundu wotere ankadula K3 pa K100. Zikumveka zochepa, koma amadula pa ndalama yonse ya invoisi, osati pa phindu. Pa K40 miliyoni ya mayi uja ndi K1.2 miliyoni. Ndalama imeneyi siyotayika, imawerengedwa ngati msonkho wolipiriratu. Mayi wayekha uja ngongole yake ndi K1,050,000, kutanthauza kuti walipira kale mopyola ndi K150,000, ndipo akapereka lipoti lake la chaka akhoza kuitanitsa yotsalayo. Wa limitedi yemwe sadadzilembe malipiro akuyenera kuonjezera K600,000.

Kuti zimenezi zitheke, satifiketi ya msonkho wodulidwawo iyenera kukhala ndi dzina ndi TPIN ya amene akukhoma. Ndaonapo anthu atatsegula kampani koma n'kumalembabe invoisi m'buku lakale la dzina lawo, kapena kubwereka TPIN ya mlamu wawo kuti oda isawaphonye. Pakutha pa chaka msonkho wodulidwa uli pa dzina lina, ngongole ili pa dzina lina. Mukalandira malipiro oyamba ku esiteti, onani dzina ndi nambala zimene zili pa satifiketiyo, ndipo ngati zalakwika bwererani ku ofesi ya akaunti mwezi womwewo asanatseke mabuku.