Kupima munda wa ngodya zitatu osalowa m'kati mwake

Si minda yonse imene inadulidwa ya ngodya zinayi ngati bwalo la mpira. Pamene msewu wakumana ndi njira ya kuchitsime, kapena pamene ngalande yadutsa chopingasa, pamatsala malo a ngodya zitatu, otambalala uku ndi osongoka uko. Ikafika nthawi yobwereketsa malo otere, kapena yowerengera matumba a feteleza, mwini munda ndi wobwereka amafuna yankho limodzi: kodi ndi maekala angati?

Amene anapita kusukulu amakumbukira lamulo la thirayango: tenga theka la tsinde, ulichulukitse ndi msinkhu. Lamulolo ndi loona, koma vuto lili pa msinkhuwo. Msinkhu si mbali ya munda ayi. Ndi mzere wochoka pa ngodya imodzi, kudutsa m'kati mwa munda, n'kukagunda mbali ya kutsidya utaima chilili, pa madigiri 90 enieni. Pabolodi mphunzitsi amangoujambula ndi choko. Kumunda, kumene chimanga chafika m'mapewa ndipo pakati pali chulu, mzerewu sungakokedwe bwinobwino. Zimene munthu angapime mosavuta ndi malire atatu aja, chifukwa amangoyenda m'mphepete ndi tepi kapena chingwe.

Mwayi wake ngwakuti malire atatuwo ndi okwanira. Mitengo itatu ikamangidwa kumapeto kwake, singapendekekenso. N'chifukwa chake akalipentala amakhoma matabwa a denga mwa ngodya zitatu. Ngati mbali zitatu zimakhazikitsa maonekedwe a thirayango, ndiye kuti zimakhazikitsanso kukula kwake.

Njira yopezera kukulako imatchedwa ndi dzina la Heroni wa ku Alekizandiriya, mzinda wa ku Iguputo. Iye anali katswiri wa makina ndi wopima malo, ndipo anakhala ndi moyo cha m'ma 60 A.D. Anailemba m'buku lake la Metrica, lomwe linasowa kwa zaka mazanamazana mpaka linapezeka mu 1896 mumzinda wa Constantinople, womwe lero ndi Istanbul. Katswiri wina wakale, al-Biruni, analemba kuti Archimedes ndiye anaitulukira kale Heroni asanabadwe. Ku China nako, Qin Jiushao anaika njira yofanana nayo m'buku lake la 1247, ndipo chitsanzo chake chinali cha munda wa ngodya zitatu.

Mbali zitatu zikatchedwa a, b ndi c, fomula yake imalembedwa motere:

s = (a + b + c) ÷ 2

A = √(s × (s − a) × (s − b) × (s − c))

Zilembozi zisaopse munthu. Tiyerekeze kuti mlimi wapima malire a munda wake n'kupeza mamita 130, 140 ndi 150. Choyamba aphatikize zonse, apeza 420, womwe ndi mtunda woyenda kuzungulira munda wonse. Theka lake ndi 210, ndipo ameneyu ndiye s. Kenaka pa 210 achotserepo mbali iliyonse payokha: kuchotsera 130 patsala 80, kuchotsera 140 patsala 70, kuchotsera 150 patsala 60.

Apa ndi pabwino kuima kaye. Zotsala zitatuzo zikaphatikizidwa ziyenera kubwerera ku s, pa thirayango iliyonse. Apa 80, 70 ndi 60 zikupereka 210, choncho palibe pamene dzanja laterereka. Zikapanda kugwirizana, kulakwitsa kwachitika kale, ndipo kupitiriza n'kutaya nthawi.

Tsopano achulukitse manambala anayi aja, 210 × 80 × 70 × 60, ndipo apeza 70,560,000. Chomaliza ndi kupeza sikweya ruti, kutanthauza nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereke 70,560,000. Kakyuleta ya pafoni ili ndi batani la √, ndipo yankho ndi 8,400. Mundawo ndi wa masikweya mita 8,400. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, motero malowa ndi maekala awiri ndi kachidutswa pamwamba, osafika hekitala, yomwe ndi 10,000.

Yankholi likhoza kuyesedwa ndi lamulo la kusukulu lija. Mbali ya mamita 140 ikatengedwa ngati tsinde, msinkhu weniweni wa mundawu ndi mamita 120, ndipo theka la 140 kuchulukitsa ndi 120 ndi 8,400 yemweyo. Koma wopima wofulumira amatenga mbali yopendekeka n'kuiyesa msinkhu. Akatenga 130 amapeza 9,100. Akatenga 150 amapeza 10,500, kuonjezera malo oposa theka la ekala omwe kulibe. Kulakwitsa kumeneku sikuchepetsa munda, kumangoukuza, chifukwa mbali yopendekeka nthawi zonse ndi yaitali kuposa msinkhu. Woluza ndi wobwereka, amene amalipira dothi loti sadzalilima.

Heroni analibe kakyuleta, ndipo sikweya ruti sinkatuluka yosalala nthawi zonse. Pa chitsanzo chake cha mbali 7, 8 ndi 9, kuchulukitsa kuja kunam'patsa 720. Anaona kuti 27 × 27 ndi 729, pafupi ndithu. Anagawa 720 ndi 27, n'kutenga nambala ya pakati pa yankholo ndi 27, ndipo m'kalembedwe ka lero anapeza 26.83. Foni ikathera moto kumunda, nzeru yomweyi imagwirabe ntchito ndi pensulo.

Fomula ya Heroni payokha sinama, koma siingakonze miyeso yolakwika. Ili ndi chenjezo limodzi lokha: ngati chotsala china chatuluka ziro kapena pansi pa ziro, ndiye kuti mbali imodzi yafanana kapena yaposa zinzake ziwiri zitaphatikizidwa, ndipo munda wotero kulibe pa dziko. Wina wawerenga tepi molakwa.

Choopsa kwambiri, chomwe mabuku ambiri a kusukulu sanena, ndi munda wopyapyala, monga kamzere kotsalira m'mbali mwa msewu. Malo a mbali za mamita 50, 50 ndi 98 ndi masikweya mita pafupifupi 488. Tepi ikangolendewera pang'ono, mbali yaitali ija n'kuwerengedwa 99, yankho limagwa kufika pa 349. Mita imodzi yokha yadya gawo loposa kota ya malowo. Pa munda wotambalala uja, mita imodzi yomweyo itaonjezeka pa 150, yankho limangosuntha kuchoka pa 8,400 kufika pa 8,431. Choncho malo akakhala opyapyala, zikhomo zikhomedwe molimba, tepi ikokedwe kuti njo, ndipo mbali yaitali ipimidwe kawiri. Pamalo otsetsereka tepi igwiridwe mopingasa, osaigoneka kutsata chitunda, chifukwa mapu a malo amawerengera ngati dziko ndi lathyathyathya.

Nanga munda wa ngodya zinayi zosalongosoka? Pamenepa malire anayi okha sakwanira, chifukwa mitengo inayi yomangidwa kumapeto imapendekeka monga chimachitira chitseko chakale. Pamafunika muyeso wachisanu, chingwe chochoka pa ngodya imodzi kukafika pa ngodya yoyang'anizana nayo. Chingwecho chimadula munda kukhala mathirayango awiri, iliyonse ndi mbali zake zitatu zodziwika. Fomula imagwiritsidwa ntchito kawiri, mayankho n'kuphatikizidwa. Mwa ngodya zoyang'anizanazo, wopima asankhe zimene zipereke mathirayango otambalala, osati opyapyala.