Galu wamng'ono akagwa ngati wakhunyu: chiwewe, poizoni kapena matenda ena?

Galu akagwa pansi mwadzidzidzi, miyendo ili gwa, kenako n'kumapalasa m'mwamba, thovu likutuluka kukamwa, mkodzo uli chuu, anthu ambiri m'midzi ya ku Machinga ndi Balaka amangoti ndi chiwewe basi. Ana amawathamangitsira m'nyumba, achinyamata n'kutola zibonga. Mantha amenewa ali ndi chifukwa chake, pakuti chiwewe chilipodi m'Malawi muno ndipo chimapha anthu. Koma kwa dokotala wa ziweto, kugwa kotereku ndi chizindikiro chabe chakuti ubongo wasokonezeka kwa kanthawi, ndipo zomwe zingausokoneze n'zambiri. Zina mwa izo zimachizika tsiku lomwelo galuyo akafika msanga, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti agalu otere amaphedwa asanaonedwe n'komwe.

Madokotala amagawa zoyambitsa m'magulu atatu. Pali zochokera kunja kwa ubongo, monga poizoni, kutsika kwa shuga m'magazi kapena kufooka kwa chiwindi. Apa ubongo uli bwinobwino koma magazi oufikirawo ndiwo ali ndi vuto. Pali matenda okhudza ubongo weniweniwo, monga chiwewe, disitempa kapena kuvulala m'mutu. Ndiye pali khunyu lenileni, lomwe limabwera popanda chifukwa chooneka ndipo nthawi zambiri n'lakumtundu. Chothandiza choyamba posiyanitsa magulu atatuwa ndi msinkhu wa galuyo. Kamwana kosakwana miyezi 6 sikakhala ndi khunyu lenileni kawirikawiri, choncho dokotala amaganizira kaye za shuga, njoka zam'mimba, poizoni ndi matenda opatsirana. Khunyu lenileni limayamba pakati pa miyezi 6 ndi zaka 6.

Tiyerekeze galu wamphongo wa miyezi 7, wolemera makilogalamu 10, wa pakhomo pa mlimi wa thonje cha ku Ulongwe, m'mwezi wa Febuluwale. Wagwa m'mawa, waphiriphitha kwa mphindi ziwiri, kenako wadzuka ali dzandidzandi, akugunda zinthu ngati sakuona, ndipo patatha theka la ola wamwa madzi n'kuzindikira mwini wake. Mwiniyo wamumanga bwino n'kupita naye kwa mlangizi wa ziweto.

Asanamugwire n'komwe, mlangizi amafunsa za chiwewe, chifukwa pamenepa pali moyo wa anthu. "Bambo, galuyu anabayidwa katemera wa chiwewe? Analumidwapo ndi galu wachilendo kapena nkhandwe miyezi yapitayi? Iyeyo waluma munthu?" Chomwe chimasiyanitsa kwambiri chiwewe ndi matenda ena n'chakuti galu wachiwewe sapezako bwino. Amasintha khalidwe, mawu ake pouwa amasasa, chibwano chimalendewera, amalephera kumeza, ndipo tsiku lililonse amaipiraipira mpaka kufa pasanathe masiku 10. Galu amene wagwa, n'kudzuka, n'kudya nsima yake madzulo monga mwa masiku onse, sakufanana ndi chithunzi chimenechi. Komabe dokotala wanzeru sangalumbire kuti si chiwewe ngati galuyo sanabayidwe, popeza umboni weniweni umapezeka poyeza ubongo wa galu wakufa ku labotale, monga ya boma ya ziweto ku Lilongwe. N'chifukwa chake galu wokayikitsa amatsekeredwa payekha masiku 10 n'kumamuyang'anira. Koma munthu wolumidwa asadikire masiku amenewo: atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, apite tsiku lomwelo ku chipatala, kaya cha boma ku Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde.

Funso lachiwiri ndi la poizoni, ndipo m'maboma awiriwa ndi funso lalikulu. Febuluwale ndi nyengo yopopera thonje. Munthu amatsuka chopopera kuseri kwa nyumba, madzi n'kudikha pansi, galu waludzu n'kumwa. Pali tameki, yemwe anthu amathira pa usipa kapena pa nsima kuti aphe makoswe, galu n'kupezerera nyamboyo. Palinso chizolowezi chosambitsa galu ndi dibi wa ng'ombe, kapena mankhwala a m'munda, pofuna kupha nkhupakupa ndi utitiri, muyezo wake ongoganizira. Ambiri mwa mankhwalawa amagwira thupi mofanana, ndipo zizindikiro zake zimaoneka ndi maso: dovu losalekeza, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera thupi lonse, kupuma movutikira, ndi mwanadiso kuchepa ngati kadontho. Galu wapoizoni kawirikawiri sabwerera mwakale pakati pa kugwa koyamba ndi kwachiwiri, amangonjenjemerabe. Pa tameki ndi mankhwala ofanana naye, jakisoni wa atiropini amaumitsa dovu n'kutsegula chifuwa m'mphindi zochepa. Apa mwini galu ayenera kunena zoona, ngakhale zikhale zochititsa manyazi, ndipo ngati botolo kapena pepala la mankhwalawo lilipo alitenge. Ndikudziwa kuti ambiri timathamangira kumwetsa mkaka, koma galu amene akuphiriphitha sangameze bwino, ndipo mkakawo umalowera kumapapo n'kuwonjezera vuto lina.

Mwa galu wathu wa ku Ulongwe, mwini wake akuti sanapopere sabata ino, pakhomo palibe tameki, ndipo maso a galuyo ali bwino, dovu linasiya atangodzuka. Poizoni wayamba kukayikitsa.

Tsopano mlangizi amatenga kadontho ka magazi pakhutu n'kuyeza shuga. Kuyeza kumeneku n'kotchipa ndiponso kwachangu, ndipo ngakhale kamakina koyezera anthu odwala shuga kamathandiza, kungoti pa magazi a galu kamakonda kuonetsa nambala yotsikirapo. Shuga wa galu wabwino amakhala cha pakati pa 4 ndi 6 pa kamakinako. Akatsika kupitirira 3, ubongo umayamba kusowa chakudya. Izi zimachitika kwambiri mwa tiana ta agalu tomwe tagona ndi njala, takhuta njoka zam'mimba, kapena tikutsegula m'mimba. Mlangizi amatukulanso mlomo wa galuyo n'kuona usinini. Ukakhala wotuwa ngati pepala m'malo mofiirira, magazi achepa, ndipo wolakwa amakhala njoka zoyamwa magazi kapena matenda a nkhupakupa. Pomwe pali makina oonera tizilombo, kadontho kena kopaka pagalasi kamasonyeza tizilombo ta nkhupakupato m'magazi. Thupi amaliyezanso kutentha, komwe kwa galu kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Galu wathuyu shuga wake ndi 4.8, usinini uli bwino, kutentha 39.4.

Chimene chimatsegula nkhani yonse ndi funso lomwe mwini wake sanaganize kuti likukhudzana ndi kugwaku. "Nanga m'mbuyomu, mwezi wathawu, anadwalako?" Apa bambo aja akumbuka kuti masabata atatu apitawo galuyo anali ndi manthongo ambiri, mamina okhuthala, ankatsokomola n'kutsegula m'mimba, kenako anachira yekha. Agalu ena awiri apafupi anadwalanso chimodzimodzi, mmodzi n'kufa. Katemera yemwe galuyu analandira ndi wa chiwewe yekha, pa kampeni. Mlangizi agwira kuphazi n'kupeza zikhatho zakhakhala ndi zolimba, mphuno yauma n'kung'aluka, ndipo akayang'anitsitsa aona kamnofu ka pachipumi kakudumphadumpha mosalekeza, ngakhale galuyo ali chigonere.

Umu ndi momwe disitempa imayendera. Ndi kachilombo kofalikira mumpweya pakati pa agalu, ndipo sikagwira anthu. Kamayamba ndi chifuwa ndi m'mimba, kenako, patatha sabata imodzi mpaka atatu, kapena kuposerapo, kamafika kuubongo. Kugwa kwake nthawi zambiri kumayamba ndi chibwano kutafuna pachabe, thovu lili mbuu, ndipo n'chifukwa chake anthu amaisokoneza ndi chiwewe. Pali timapepala toyezera msanga pogwiritsa ntchito manthongo kapena mamina, tomwe zipatala za ziweto za m'mizinda zingakhale nato, koma tikhoza kusaonetsa kanthu matenda akafika mochedwa chonchi, choncho mbiri ndi zooneka pathupi zimalemera kwambiri kuposa kapepalako. Mankhwala opha kachilomboka palibe. Dokotala amaletsa kugwako, amachiza matenda ena olowerapo, n'kulangiza za chakudya ndi madzi. Agalu ena amapulumuka n'kutsala ndi kudumpha kwa mnofu moyo wonse. Ena kugwa kumachuluka mpaka chifundo chimakhala kuwagoneka ndi jakisoni. Chondiwawa n'chakuti eni agalu ambiri amakhulupirira kuti jakisoni wa pa kampeni uja amateteza ku matenda onse, pamene ndi wa chiwewe chokha. Katemera wa disitempa ndi wina, wogula, ndipo amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kubwereza pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka katakwanitsa masabata 16.

Nanga zonsezi zikanapezeka zili bwino? Galu wa chaka chimodzi kapena ziwiri, wonenepa bwino, wobayidwa, wogwa ali mtulo kapena akupuma, n'kudzuka wabwinobwino, ndiye amaganiziridwa khunyu lenileni. Koma dzinali silipatsidwa pa kugwa kamodzi. Akatswiri a khunyu la ziweto a m'maiko osiyanasiyana anagwirizana mu 2015 kuti pafunika kugwa kawiri kapena kuposa, motalikirana maola osachepera 24, galu wa msinkhu uja wa miyezi 6 mpaka zaka 6, wooneka bwino pakati pa kugwako, ndiponso magazi ndi mkodzo zopanda vuto. Kuyeza magazi kokwanira, kwa chiwindi, impso ndi mchere wam'thupi, kumafuna kupita kapena kutumiza magazi ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kwa galu wopinimbira, yemwe amasokonezeka mutu akangomaliza kudya, kuyeza chiwindi kumeneku n'kofunika ndithu, chifukwa agalu ena amabadwa ndi mtsempha wolambalala chiwindi, magazi n'kumafika kuubongo osasefedwa.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku, omwe nthawi zambiri ndi fenobabitoni kawiri patsiku, sayambidwa pa kugwa koyamba kwakufupi. Amayambidwa galu akagwa kawiri kapena kuposa m'miyezi 6, akagwa kangapo tsiku limodzi, kapena kugwa kukapitirira mphindi 5. Chifukwa chake n'chakuti akayambidwa amakhala a nthawi yaitali, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa kuposa koyamba; banja liyenera kuona kaye ngati lidzatha kuwapeza mwezi ndi mwezi.

Pa nthawi ya kugwa kwenikweniko, ntchito ya mwini galu ndi yochepa. Achotse ana, mbaula ndi madzi pafupi, asalowetse dzanja kapena kamtengo kukamwa popeza galu sameza lilime lake, ayang'ane nthawi, ndipo ngati pali foni ajambule kanema, chifukwa dokotala sadzaona kugwako ndi maso ake. Zikafika mphindi 5 galu asanasiye, thupi limayamba kutentha kwambiri ndipo ubongo ukhoza kuwonongeka. Amuthire madzi ozizirira pamimba ndi m'mapazi, amunyamule pa chiguduli, n'kuthamangira kwa dokotala, yemwe kwa galu wa makilogalamu 10 amabaya pamtsempha mamiligalamu 5 a dayazepamu, kapena 10 kudzera kumatako ngati mtsempha sukupezeka.