Nkhokwe Yopanda Kanthu: Za Njira ya Panthawi Yake m'Chigwa cha Shire

Munthu aliyense wopanga zinthu zogulitsa ali ndi funso limodzi lomuvuta tsiku ndi tsiku, ndilo lakuti asunge zipangizo zochuluka bwanji m'nyumba yake yosungiramo katundu. Makolo anayankha funsoli pomanga nkhokwe, pakuti chimanga chimacha kamodzi pa chaka koma anthu amadya masiku onse. Koma ku Japani, m'zaka za m'ma 1950, kunabadwa yankho lina. Munthu wina dzina lake Taiichi Ohno, wa pa kampani yopanga magalimoto ya Toyota, anaphunzitsa kuti chipangizo chilichonse chifike pa malo a ntchito pa nthawi yomwe chifunika, ndiponso mwa muyeso womwe chifunika, osapitirira. M'Chichewa njirayi ingatchedwe njira ya panthawi yake.

Ku Toyota bokosi lililonse la zitsulo linali ndi kakhadi kake. Zitsulo zikatha, kakhadiko kankabwezedwa kwa opanga zitsulozo, ndipo iwo ankapanga bokosi limodzi lokha lolowa m'malo mwa lathalo. Kakhadiko m'Chijapani amakatcha ndi mawu omveka monga "kambani" wa Chichewa, ndipo ngakhale mawu awiriwa sali pachibale, dzinalo likuyenera, popeza kakhadiko ndiko kamakamba kuti zipangizo zatha.

Ubwino wa njirayi suvuta kuuona. Katundu wogona m'nkhokwe ndi ndalama zogona, zimene mwini wake mwina anakongola ku banki ndipo zikubala chiwongoladzanja. Katundu wogona amaonongeka, amabedwa, amafuna mlonda ndi denga losadontha. Palinso ubwino wina wobisika, umene Ohno anauwerengera koposa. Ngati wogulitsa atumiza zipangizo zoipa kwa munthu wosunga za miyezi itatu, choipacho chidzadziwika mochedwa, nkhokwe itadzala nazo. Koma wosunga za masiku awiri achidziwa mawa lomwe. Komatu njira yonseyi yatsamira pa zinthu ziwiri zimene ku Japani zinali zokhulupirika, ndizo msewu wosaduka ndi magetsi osazima. M'dera la Mfumu Malemia, kumene kuli boma la Nsanje, zinthu ziwirizi ndizo zosakhulupirika koposa zonse.

Katundu wochokera ku Blantyre atsika phiri la Thabwa, naoloka Shire pafupi ndi Chikwawa, napyola Nchalo, Ngabu ndi Bangula asanafike ku Nsanje, ulendo wa makilomita pafupifupi 180 pa msewu umodzi wa M1. Kale kunali njanji, koma madzi anaidula pa Chiromo m'chaka cha 1997. Doko la Nsanje linatsegulidwa m'chaka cha 2010, koma zombo za malonda zimene anthu anaziyembekeza sizinayambe kuyendako. Chotero msewu umodziwo ukaduka, palibe pena pozembera popanda kuzungulira kutali.

M'chigwa chomwechi muli fakitale imene imasonyeza bwino mbali zonse ziwiri za nkhaniyi, ndiyo ya shuga ya ku Nchalo, imene inayamba m'chaka cha 1966 ndipo kampani ya Illovo inaitenga m'chaka cha 1997. Nzimbe siilola kusungidwa. Ikangotenthedwa ndi kudulidwa, shuga wa m'kati mwake ayamba kusanduka ndi kuchepa, makamaka m'kutentha kwa m'chigwa, kotero kuti iyenera kufinyidwa pasanathe masiku awiri kapena atatu. Chifukwa chake odula sadula monga afunira, koma monga momwe makina angafinyire, ndipo makina akaima odula nawonso aimitsidwa. Imeneyi ndiyo njira ya panthawi yake yeniyeni, ndipo itheka chifukwa minda yazungulira fakitale, ndipo zotsalira za nzimbe zofinyidwa zitenthedwa ndi kupatsa mphamvu makina a fakitaleyo. Koma laimu woyeretsera madzi a nzimbe, matumba, fetereza ndi zitsulo zosinthira pa makina zimachokera kutali, zina kunja kwa dziko, ndipo mapampu okoka madzi a mthirira mu Shire amadalira magetsi a ESCOM. Zinthu zotere sizingayendetsedwe ndi lamulo la nzimbe. Fakitale imodzi yomweyo iyenera kukhala ndi malamulo awiri, lina la chinthu chapafupi chosachedwa kuonongeka, lina la chinthu chakutali chokhalitsa.

Kuopsa kwa kudalira msewu ndi magetsi kunaoneka poyera mu Januwale wa chaka cha 2022, pamene namondwe wotchedwa Ana anafika. Madzi anadula msewu wa M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, namiza minda ya nzimbe, nagumulanso damu la Kapichira pa Shire. Makina a pa Kapichira, opanga magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130, anaima kwa nthawi yoposa chaka, kufikira m'chaka cha 2023, ndipo dziko lonse linakhala pa kuzimazima. Chofunika kuchisunga m'mutu pano nchakuti mvula imodzi yomweyo inadula msewu ndi magetsi pamodzi. Munthu amene anati, magetsi akazima ndidzayatsa injini ya dizilo, anaiwala kuti dizilo amabwera pa msewu womwe wadukawo. Mu Malichi 2023 namondwe wina, Freddy, anabwerezanso phunziro lomweli.

Tsono nkhaniyi imveka bwino ikaikidwa m'masamu, monga mphunzitsi angaiikire pa bolodi. Manambala otsatirawa ngongoyerekeza. Pakhale wophika buledi pa boma la Nsanje amene amatha matumba 10 a ufa wa tirigu tsiku lililonse, ndipo akaitanitsa ufa ku Blantyre umafika patapita masiku 2. Pa njira ya panthawi yake iye aitanitsa ufa pamene m'nkhokwe mwatsala matumba 20, ndiwo 10 kuchulukitsa ndi 2, ndipo lole ifika thumba lomaliza likutsegulidwa. Lole ikachedwa tsiku limodzi lokha, uvuni uzizira. Anthu akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ufa uli pa lole ku Thabwa ndiye fodya wa pachala.

Wophikayo aganiza zosunga matumba ena 60 apadera, okwanira masiku 6. Ngati thumba ligulidwa K100,000, ndalama zogona zikwana K6,000,000. Ngati banki ifuna K3 pa K100 iliyonse pa mwezi, matumba apaderawo amudyera K180,000 mwezi uliwonse, ndiyo K2,160,000 pa chaka. Kumbali inayo, ngati tsiku lililonse losaphika limutayitsa K300,000, powerengera phindu lotayika pamodzi ndi malipiro a antchito ndi lendi zimene zilipidwabe, kuduka kwa msewu kwa masiku 6 kumutayitsa K1,800,000. Apa paoneka chinthu chodabwitsa. Kusunga ufa wapadera chaka chonse kumudyera zambiri kuposa kutseka masiku 6, ngakhale msewu utamaduka chaka ndi chaka. Amene amanena kuti m'dziko la misewu yovuta munthu angodzaza nkhokwe basi, sanawerengere.

Koma msewu wa m'chigwa suduka mwezi uliwonse. Uduka m'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Malichi. Wophika akasunga matumba 60 aja miyezi 4 yokhayi, alipira K720,000. Pa zaka ziwiri alipira K1,440,000, ndalama yochepera K1,800,000. Pa zaka zitatu alipira K2,160,000, yoposa. Choncho ngati msewu uduka masiku 6 kamodzi pa zaka ziwiri, nkhokwe ya m'dzinja ipindula. Ngati uduka kamodzi pa zaka zitatu kapena kuposa, masamu okha anena kuti isiyidwe, ngakhale wophika wanzeru akumbukiranso ogula amene athawira kwa mnzake ndipo sabwerera. M'chilimwe, kuyambira Meyi kufikira Okutobala, iye angatsate njira ya panthawi yake ndi mtima wokhazikika, ndipo ayenera kutero, chifukwa m'kutentha kwa Nsanje ufa wogona nthawi yaitali ugwidwa ndi tizilombo ndipo ununkha nkhungu.

Magetsi ali ndi vuto la mtundu wina, pakuti sasungika m'thumba. Ufa wa matumba 60 suthandiza kanthu uvuni wa magetsi ukazima, ndipo choonongeka msanga si ufa wouma koma wokandakanda umene wayamba kutupa, pakuti umenewo sudikira maola ambiri. Apa njira ya panthawi yake ndiyo ithandiza: wokanda pang'onopang'ono ataya pang'ono magetsi akazima, pomwe wokanda ufa wa tsiku lonse nthawi imodzi ataya wonse. Chosunga chake ndi dizilo kapena nkhuni, ndipo masiku a dizilo ayenera kulingana ndi masiku a ufa. Wosunga ufa wa masiku 6 ndi dizilo wa tsiku limodzi ali ndi nkhokwe ya tsiku limodzi, ndipo matumba 50 enawo ngongodya chiwongoladzanja. Chimodzimodzi yisiti, mchere ndi mapepala okulungira, zinthu zotsika mtengo zimene kusowa kwake kuimitsa ntchito monga kusowa kwa ufa. Zotere nkwabwino kusunga zambiri nthawi zonse, popeza sizigoneka ndalama zochuluka. Ngakhale a Toyota eni ake, chivomezi cha 2011 chitaimitsa mafakitale awo, anayamba kuuza owagulitsa zipangizo kuti asunge zina zovuta kupeza zokwanira miyezi ingapo.

Wopanga zinthu angadziwe bwanji kuti muyeso wake walakwika? Kabuku kakang'ono kamuuza. Alembe tsiku loitanitsa ndi tsiku lofika la lole iliyonse, ndipo asayang'ane ulendo wamba koma ulendo wochedwetsetsa wa m'dzinja, chifukwa umenewo ndiwo uyeza nkhokwe yapadera. Ngati agula ufa kawirikawiri kwa ogulitsa a pa msika pa mtengo wokwera kuti ntchito isaime, nkhokwe yake yachepa. Ngati matumba a pansi pa mulu apezeka ouma ngati mwala kapena oboola makoswe, yakula, kapena mwina iye satsata lamulo lakuti thumba loyamba kulowa likhale loyamba kutuluka.

Chatsala ndi malo oikapo nkhokweyo. Madzi a mu Januwale 2015 ndi a zaka zotsatira analowa m'nyumba zambiri za m'Nsanje, ndipo ufa wonyowa utayidwa wonse pamodzi ndi ndalama zokongola zija. Matumba 60 apaderawo ayenera kukhala pa thandala lokwezeka, osagunda khoma, m'nyumba yomangidwa kumtunda, chakumapiri a kumadzulo kwa boma, osati kufupi ndi dambo la Ndindi.