Maikweshoni awiri obisala m'nkhani ya mbatatesi

Anzanga a Fomu 2, JCE ikubwera, ndipo pali mtundu wina wa funso la masamu umene ambirife timaulumpha osauyesa n'komwe. Ndikunena mafunso aja amene alibe x kapena y, koma ndime yonse ya Chingerezi yokamba za wina amene wagula zakutizakuti. Mkati mwa ndime imeneyi mumakhala mutabisala maikweshoni awiri, aja timawatchula kuti samoteniyasi. Ineyo temu yathayi ndinapeza ziro pa funso lotere pomwe njira yosovera ndinkaidziwa bwinobwino. Chinandigwetsa ndi kusandutsa nkhaniyo kuti ikhale masamu.

Funso lotere ungalizindikire ndi zinthu ziwiri. Limafunsa manambala awiri amene sukuwadziwa, ndipo limakuuza mfundo ziwiri zosiyana zokhudza manambalawo. Mfundo iliyonse imabala ikweshoni imodzi.

Tiyeni titenge chitsanzo cha pamsika pathu pompano pa Kabwazi. Mitengoyi ndangoipeka kuti samu iyende bwino, musakaime nayo pa wogulitsa. Mayi wina wagula milu 3 ya mbatatesi ndi milu 2 ya tomato, walipira K2,100. Mnzake wagula milu 5 ya mbatatesi ndi milu 4 ya tomato pamalo omwewo, walipira K3,700. Pezani mtengo wa mulu umodzi wa chilichonse.

Yambani kuwerenga chiganizo chomaliza, chifukwa ndicho chimanena zimene zikufunidwa. Apa akufuna mitengo. Ndiye lembani kuti x ndi mtengo wa mulu umodzi wa mbatatesi mu makwacha, y ndi mtengo wa mulu umodzi wa tomato mu makwacha. Musalembe kuti "x ndi mbatatesi". Mbatatesi si nambala, aise. Ukangolemba choncho, pakati pa samu umasokonezeka, osadziwanso ngati x ndi kuchuluka kwa milu kapena ndalama zake. Ine ndi pamenepa pamene ndinagwera.

Mayi woyamba watipatsa 3x + 2y = 2100. Wachiwiri watipatsa 5x + 4y = 3700. Onani kuti kumanzere kuli ndalama, kumanjanso kuli ndalama. Mbali imodzi ikakhala milu, ina makwacha, ikweshoniyo ndi yabodza.

Tsopano tichotse chilembo chimodzi, njira ija ya eliminesheni. Mu yoyamba muli 2y, mu yachiwiri muli 4y. Tikachulukitsa yoyamba ndi 2, ma y afanana, ndipo tipeza 6x + 4y = 4200. Izi n'chimodzimodzi kunena kuti mayi woyamba uja akanagula katundu yemweyo kawiri, akanalipira kawirinso. Kenako tichotsere: 6x kuchotsa 5x kutsala x, 4y kuchotsa 4y palibe kanthu, 4200 kuchotsa 3700 kutsala 500. Choncho x = 500. Ngakhale wogulitsa amene sanapiteko ku sekondale akhoza kuona zimenezi: amayi awiriwa tsopano ali ndi tomato wofanana, wina waposa mnzake ndi mulu umodzi wokha wa mbatatesi, ndipo walipira K500 yoonjezera. Tibwerere ku ikweshoni yoyamba ndi 500 wathuyo: 1500 + 2y = 2100, ndiye 2y = 600, y = 300. Musathere pa x ndi y. Lembani yankho m'mawu: mulu wa mbatatesi ndi K500, wa tomato ndi K300.

Pochulukitsa paja ambiri timaiwala mbali ya kumanja, n'kulemba 6x + 4y = 2100. Ukatero umapeza x = −1600. Mtengo wa negetivu ndiye kuti wogulitsa akukupatsa mbatatesi n'kukuonjezeranso ndalama, zomwe sizinachitikepo pamsika uliwonse. Yankho likatuluka chonchi, bwerera m'mbuyo, pali pamene waphonya.

Mafunso a zogulagula ndi osavuta kwenikweni. Ovuta ndi a zaka, poti mfundo zake zimabwera mokhotakhota. Tamvani ili: zaka za bambo ndi zochuluka katatu kuposa za mwana wawo, ndipo pakapita zaka 12, zaka za bambowo zidzakhala zochuluka kawiri kuposa za mwanayo. Aliyense ali ndi zaka zingati panopa?

Tinene kuti x ndi zaka za bambo panopa, y ndi zaka za mwana panopa. Mawu oti "panopa" alembeni ndithu. Msampha woyamba ndi uwu: poti chiganizo chayamba ndi bambo kenako katatu, dzanja limathamangira kulemba 3x = y. Taimani kaye muyese ndi nambala yosavuta. Mwana akakhala ndi zaka 10, bambo ali ndi 30. Ndiye amene tikumuchulukitsa ndi 3 ndi wamng'onoyo, kuti afike pa wamkulu. Zolondola ndi x = 3y.

Msampha wachiwiri uli pa zaka 12 zija. Bambo akamakula, mwana sangoima. Bambo adzakhala ndi x + 12, mwana y + 12. Ikweshoni yachiwiri ndi x + 12 = 2(y + 12), ndipo mabulaketiwo ndi ofunika, chifukwa 2 akuchulukitsa zaka zonse za mwana pa nthawi imeneyo. Pano sitivutika ndi kuchotsera. Poti tikudziwa kale kuti x ndi 3y, tingoika 3y pamene pali x, njira ija ya sabusitityushoni. Tipeza 3y + 12 = 2y + 24, ndiye y = 12, ndipo x = 36. Mukaiwala mabulaketi mupeza y = 0 ndi x = 0, bambo ndi mwana onse osabadwa.

Koma musadalire kuti yankho lolakwika lidzaoneka lachilendo nthawi zonse. Tinene kuti m'khola muli mbuzi ndi nkhosa, zonse pamodzi 20, ndipo mbuzi zikuposa nkhosa ndi 6. Ngati x ndi chiwerengero cha mbuzi, y cha nkhosa, zolondola ndi x + y = 20 ndi x − y = 6, zomwe zimapereka mbuzi 13, nkhosa 7. Wina amene watembenuza n'kulemba x + 6 = y apeza mbuzi 7, nkhosa 13. Manambala ake ndi aukhondo, opanda negetivu, opanda fulakishoni. Akawabwezera m'maikweshoni akewo, zonse zigwirizana, iye n'kumamwetulira, koma funso walephera.

N'chifukwa chake potsimikiza yankho ine sindibwereranso ku maikweshoni amene ndalemba ndekha. Ndimabwerera ku nkhani ya pa pepala la mayeso n'kuiwerenga chiganizo ndi chiganizo, manambala anga ali m'manja. Kodi mbuzi 7 zikuposa nkhosa 13? Ayi, ndiye ndatembenuza. Kodi 36 ndi 12 katatu? Inde. Pakapita zaka 12, bambo 48, mwana 24, ndipo 48 ndi 24 kawiri. Mayi wachiwiri uja, milu 5 ya K500 ndi K2,500, milu 4 ya K300 ndi K1,200, pamodzi K3,700. Zimenezi sizitenga ndi miniti imodzi yomwe.

Aphunzitsi athu a masamu amapereka malikisi pa sitepe iliyonse, kuyambira pa kulemba maikweshoni awiri aja molondola. Ndiye nthawi ikakutherani, lembani tanthauzo la x ndi y, lembani maikweshoniwo, kenako pitani ku funso lina. Amene akufuna kuyeserera, nali: nkhuku ndi akalulu ali m'khola limodzi, mitu yonse ndi 15, miyendo yonse ndi 42. Mundipeze pa buleki Lachisanu tifananize mayankho.